Mukadali pa ntchito, mkombero wobiriwira wa LinkedIn si wanu

Chiyambire pomwe boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja mu Januwale 2025, ndakhala ndikuona zithunzi za anzathu ambiri pa LinkedIn zitazunguliridwa ndi mkombero wobiriwira wolembedwa kuti #OpenToWork. Ena mwa iwo ntchito zinawatheradi pamene mabungwe anayamba kutseka mapulojekiti. Koma ena akadali pa ntchito, akungoona kuti mitambo yada ndipo akufuna kupezeratu kolowera. Za gulu lachiwirili ndi zimene zautsa mtsutso m'maofesi ndi m'macheza a anthu apantchito. Ena akuti munthu aziika chizindikirocho poyera chifukwa palibe chochititsa manyazi, ena akuti kufuna ntchito mobisa ndi chinyengo kwa amene akukulipira. Ine mbali yanga ndi iyi: munthu amene ntchito yamuthera aike mkomberowo mutu uli m'mwamba, koma amene akulandirabe malipiro pamwezi asauike. Afune ntchito mwakachetechete, mwadongosolo, ndipo asadzimve kuti akulakwira wina aliyense.

Tiyambe ndi kumvetsa chinthucho, chifukwa ambiri amene akukangana sadziwa kuti chili ndi makomo awiri. Mukadina batani lolembedwa Open to pa tsamba lanu n'kusankha Finding a new job, LinkedIn imakufunsani maudindo amene mukufuna, malo amene mungagwirire ntchito, komanso amene aziona zimenezi. Mukasankha All LinkedIn members, mkombero wobiriwira umabwera pa chithunzi chanu ndipo aliyense amauona, kuphatikizapo bwana wanu ndi mnzanu wa tebulo loyandikana nalo. Mukasankha Recruiters only, chithunzi chanu sichisintha, ndipo chizindikirocho chimaoneka kwa okhawo amene amagwiritsa ntchito LinkedIn Recruiter, chida cholipira chimene makampani amasakira anthu oti awalembe ntchito. Khomo lobisikali ndilo linayamba, mu 2016, likutchedwa Open Candidates, ndipo linapangidwira anthu amene ali pa ntchito. Mkombero wobiriwira unabwera mu 2020, nthawi ya mliri wa korona, pamene anthu miyandamiyanda anachotsedwa ntchito nthawi imodzi ndipo analibenso bwana woti amubisire. Choncho ndikamanena kuti mkomberowo ndi wa anthu amene ntchito yawathera, ndikungotsata cholinga chimene unabwerera.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yolemera, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Iwo akuti ntchito imabwera kudzera mwa anthu. Mnzako wa ku koleji, munthu amene munakumana naye ku msonkhano ku Mangochi, kapena bwana wako wakale sangakuganizire mwayi ukapezeka ngati sakudziwa kuti ukufuna. Akuwonjezera kuti LinkedIn Recruiter ndi chida chodula, ndipo kampani yaing'ono ya ku Limbe kapena ku Mzuzu siingalipire, motero posankha Recruiters only ukudzibisa kwa olemba ntchito ambiri a kuno kwathu. Zonsezi ndi zoona. Komabe tiyeni tione amene mkomberowo umawafikira poyamba. LinkedIn imakuonetsani kwambiri kwa anthu amene mwalumikizana nawo, ndipo kwa wantchito wamba gawo lalikulu la anthu amenewo ndi a mu ofesi mwake momwemo. Tsiku limene mwauika, oyamba kuuona si kampani ya ku Nairobi imene mukuilota, koma anzanu amene mumamwa nawo tiyi. Mmodzi akangojambula chithunzicho n'kuchiponya pa gulu la WhatsApp la ku ofesi, nkhani yatuluka ndipo siibwereranso ngakhale mutauchotsa madzulo omwewo. Phindu limene otsutsa akunena mungalipeze mwanjira ina yosaopsa: kusankha anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene mumawakhulupirira, a kunja kwa bungwe lanu, n'kuwaimbira foni mmodzimmodzi. Munthu amene mwamuuza pakamwa kuti mukufuna udindo wotani komanso liti amakumbukira kuposa amene wangoona kamkombero akudutsa.

Mfundo yachiwiri ndi ya chikumbumtima, ndipo imachokera kwa anthu amene ndimawalemekeza. Iwo amati mapanga awiri avumbwitsa. Ngati mtima wako wachoka, uza bwana wako mwachilungamo kuti ayambe kukonzekera, m'malo momwetulira naye m'mawa uku masana ukukalowa intavyu kwina. Ndikumvetsa kumene mfundoyi ikuchokera, pakuti tinaleredwa kuti wokupatsa nsima sumuchitira za mseri. Koma tifunse kuti pangano la ntchito limati chiyani. Inu munalonjeza kugwira ntchito mokhulupirika pa maola amene munagwirizana, kusunga zinsinsi za bungwe, ndi kupereka notisi mukafuna kuchoka. Simunalonjeze kuuza bwana maganizo onse a tsogolo lanu. Ndipotu bungwe nalo limachita chimodzimodzi. Akuluakulu akamakambirana zochepetsa antchito, amakambirana miyezi ingapo chitseko chili chotseka, ndipo wantchito amauzidwa chiganizo chitamangidwa kale. Sindikuwaimba mlandu pa zimenezi, chifukwa nkhani yosapsa ikatuluka imasokoneza anthu pachabe. Ndikungoti ufulu womwewo wantchito alinso nawo. Notisi inakhazikitsidwa kuti ithetse vuto limeneli: ndiyo nthawi imene bungwe limapatsidwa kuti likonzekere. Lamulo la ntchito la Malawi la mu 2000, pa ndime 29, limati kwa munthu wolandira malipiro pamwezi notisi ndi mwezi umodzi, ndipo makontirakiti ena amaika yotalikirapo. Munthu amene wapereka notisi yokwanira n'kusiya ntchito m'manja mwa mnzake mwadongosolo wachita chilungamo chonse chimene chimafunika.

Pali malire ake, ndipo apa ndikugwirizana ndi otsutsa. Kufuna ntchito mwakachetechete sikutanthauza kubera bungwe nthawi kapena katundu. Amene amalemba makalata ofunsira ntchito pa laputopu ya ku ofesi, kutumiza pa imelo ya kampani, ndi kusindikiza sivi yake pa makina a bwana akulakwa, ndiponso akudziika pa msampha. Imelo ya kampani ndi ya kampani, a zamakompyuta angathe kuitsegula, ndipo tsiku limene mwachoka imatsekedwa pamodzi ndi mayankho onse amene mumayembekezera. Ngati pa LinkedIn munalembetsa ndi imelo ya ku ntchito, chinthu choyamba kuchita ndi kuikapo yanuyanu n'kuipanga kukhala yaikulu, chifukwa mauthenga a ntchito zimene mukutsata amapita kumeneko. Chimodzimodzinso intavyu. Kunamizira maliro kapena matenda a mwana ndi bodza, ndipo bodza lotere likaululika limapatsa bungwe chifukwa chenicheni chokuimbirani mlandu, chimene poyamba linalibe. Lamulo lomwe lija limapatsa wantchito wa masiku asanu pa sabata tchuthi cha masiku 15 pa chaka, ndipo wa masiku asanu ndi limodzi masiku 18. Tengani tsiku limodzi pa masiku amenewo, mungonena kuti muli ndi zochita za panokha. Zimenezo ndi zoona, ndipo simukakamizidwa kufotokoza zambiri.

Mfundo yachitatu imachokera kwa odziwa malamulo pang'ono. Iwo amati palibe choopa, chifukwa munthu sangachotsedwe ntchito kaamba kofuna ntchito ina. Akulondola ndithu kuti ndime 57 ya lamulo lija imafuna chifukwa chomveka chokhudza luso la wantchito, khalidwe lake kapena kayendetsedwe ka bungwe asanachotsedwe, ndipo pa nkhani za khalidwe ndi luso amayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Akulondolanso kuti kuli khoti loona za anthu apantchito kumene wochotsedwa mopanda chilungamo angakadandaule. Koma vuto ndi lakuti zambiri zimene wantchito amataya bwana akadziwa kuti akufuna kuchoka sizifika ku khoti. Maphunziro a ku Johannesburg amene munayenera kupita inu amapatsidwa wina, chifukwa palibe amene amafuna kuwonongera ndalama munthu amene ali pa khomo. Udindo ukatseguka dzina lanu silitchulidwa. Kudula anthu kukafika, akuluakulu amadzitonthoza kuti inu mumachoka kale. Ndipo kwa anthu ambiri a m'mabungwe, amene ali pa kontirakiti ya chaka chimodzi, palibe ngakhale chifukwa chowachotsera: amangodikira tsiku lomaliza n'kusiya kuwonjezera. Kufuna ntchito kumatha kutenga miyezi yambiri, nthawi zina chaka, ndipo nthawi yonseyi mukhala mukugwira ntchito pansi pa munthu amene akukuonani ngati mlendo.

Tsopano ndifike kwa anthu amene akugwirizana nane koma molakwika, pakuti awa ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Iwo amati ukangosankha Recruiters only ndiye kuti wabisala, LinkedIn ikuteteza. LinkedIn yeniyeniyo sinena choncho. Imanena kuti imayesetsa kubisa chizindikirocho kwa ogwiritsa ntchito Recruiter a pa kampani yanu, koma siingalonjeze chinsinsi chathunthu. Chifukwa chake chili pa mmene imabisiramo. Imayang'ana kampani imene mwalemba pa tsamba lanu kuti ndi kumene mukugwira panopa, n'kuyerekeza ndi kampani ya munthu amene akusaka. Zikafanana, imamubisira. Zikapanda kufanana, amaona.

Tiyerekeze mayi wina wowerengera ndalama pa bungwe lina ku Lilongwe, kontirakiti yake ikutha pa 31 Disembala, ndipo mu Ogasiti waganiza zoyamba kufunafuna. Pali njira zingapo zimene chinsinsi chake chingatulukire ngakhale atasankha khomo lobisika. Polemba dzina la bungwe pa gawo la Experience, mwina anangolitaipa pamanja osasankha tsamba lenileni la bungwelo pa mndandanda umene umatsika. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: pambali pa dzina la bungwe pamakhala kabokosi kotuwa m'malo mwa chizindikiro cha bungwelo, ndipo ukadina sikakufikitsa ku tsamba la bungwe. Zikatero LinkedIn ilibe choyerekezera, ndipo a ku ofesi yolemba antchito pa bungwe lake lomwe angathe kumuona. Ichi angachikonze m'mphindi ziwiri. Chovutirapo ndi chakuti bungwe lake likhoza kukhala ndi masamba awiri, lina la ku Malawi lina la ku likulu kunja, ndipo wosaka antchito wa ku likulu akhoza kukhala pa tsamba limene mayiyu sanalembe. Chimene sangachikonze n'komwe ndi ichi: ngati bungwe lake limalemba anthu kudzera ku kampani ina yosaka antchito, a ku kampani imeneyo kwa LinkedIn ndi anthu akunja, amaona zonse, ndipo mawa lake ali pa msonkhano ndi bwana wake. M'dziko limene owerengera ndalama a m'mabungwe amadziwana pafupifupi onse, mayiyu ayenera kudzifunsa moona mtima ngati bungwe lake limagwiritsa ntchito makampani otere. Ngati limatero, ine ndingamulangize kuti asatsegule ngakhale khomo lobisikalo, angofunsira yekha ntchito zimene waziona.

Kuwonjezera apo, chimene chimaulula anthu ambiri si chizindikiro chija, koma kusintha kwadzidzidzi. Tsamba limene lakhala zaka zitatu osakhudzidwa likasintha chithunzi, mutu ndi mbiri yonse Loweruka limodzi, aliyense wozindikira amadziwa tanthauzo lake. N'chifukwa chake ndondomeko ya mayi uja iyenera kuyambira pa zotsekera, asanakhudze chilichonse. Alowe mu Settings & Privacy, apite pa Visibility, azimitse Share profile updates with your network, kuti akasintha udindo kapena maphunziro anzake asalandire uthenga. Akamakonza gawo la Experience aonetsetsenso kuti Notify network ndi chozimitsa. Pa Visibility pomwe paja palinso Profile viewing options. Ngati sasintha, bwana wa zachuma wa kampani imene akuifuna amaona dzina la mayiyu nthawi imene watsegula tsamba la bwanayo, ndipo bwana ameneyo akhoza kukhala mnzake wa ku tchalitchi wa bwana wake wa panopa. Asankhe Private mode pamene akufufuza. Mtengo wake ulipo: amene salipira LinkedIn akasankha zimenezi, nayenso saonanso amene atsegula tsamba lake. Pa miyezi inayi imeneyi ndi mtengo wochepa. Kenaka asinthe Who can see your connections kuti akhale iye yekha, pokumbukira kuti anzake aziwaonabe anthu amene onse awiri alumikizana nawo. Atatseka zonsezi, akonze tsamba lake pang'onopang'ono, sabata ino maphunziro, sabata yamawa ntchito zimene wachita, ndipo mutu wa tsamba uzinena luso lake, osati kuti akufuna mwayi watsopano.

Pali chinthu chimodzi chimene zotsekera zonsezi sizibisa, ndipo ambiri amagwerapo. Mukayamikira kapena kuyankha pa chilengezo cha poyera, zimaoneka pa gawo la Activity pa tsamba lanu, ndipo LinkedIn imatha kuonetsa anzanu kuti inu mwayankha pamenepo. Anthu ambiri akaona ntchito yalengezedwa amalemba pansi pake kuti ali ndi chidwi, ena mpaka kuika nambala ya foni. Kwa munthu amene ali pa ntchito, kutero n'chimodzimodzi ndi kuika mkombero wobiriwira uja. Makampani amene mwayamba kuwatsata nawonso amaoneka pansi pa tsamba lanu pa Interests. Mayi wathu uja akaona ntchito, asayankhe pansi pake. Aisunge, afunsire kudzera pa njira imene yalembedwa, kapena alembere wolengezayo uthenga wa awiri.

Pali mfundo ina imene ena angaganize kuti ikundithandiza, koma ndikuikana. Mu 2023 Nolan Church, amene kale ankasaka antchito ku Google, anauza nyumba youlutsa nkhani ya ku America ya CNBC kuti mkombero wobiriwira ndi chenjezo lalikulu kwa olemba ntchito, chifukwa umaonetsa munthu ngati wosowa kolowera pamene akatswiri enieni amachita kusakidwa. Mawu amenewa anazungulira kwambiri ndipo anachititsa anthu ena manyazi. Ine sindikuwalandira. Namwino kapena woyendetsa pulojekiti amene ntchito yake inatha chifukwa wopereka ndalama wasintha ndondomeko ku Washington sanakhale wopanda luso usiku umodzi. Iye alibe bwana womubisira, ndipo phindu lonse limene ndinavomereza poyamba lija, loti anzake adziwe n'kumulozera mwayi, ndi lake popanda chotaya. Chifukwa changa choletsera mkomberowo kwa amene ali pa ntchito si manyazi. Ndi kuwerengera chabe zimene ungapeze ndi zimene ungataye. Ndipo kuwerengerako kumasintha zinthu zikasintha. Ngati bungwe la mayi uja litamupatsa kalata mu Okutobala yomuuza kuti kontirakiti siiwonjezeredwa, palibenso chinsinsi choti asunge. Tsiku limenelo auike mkomberowo, ndipo apemphe bwana wakeyo kuti amulembere kalata ya umboni.

Gawo lomaliza la ulendowu ndi limene LinkedIn ilibe nalo mphamvu, ndipo kuno kwathu ndi limene limaulula anthu kwambiri: ochitira umboni. Malonda a ntchito a mu The Nation kapena The Daily Times kawirikawiri amafuna mayina a anthu atatu, ndipo ena amanenetsa kuti mmodzi akhale bwana wa panopa. Apa otsutsa amati waona, mapeto ake bwana adziwabe, ndiye kubisa kuja kunali kwa chiyani? Yankho ndi lakuti chofunika ndi nthawi imene adziwire. Kusiyana kulipo pakati pa bwana kudziwa mu Ogasiti, mayi uja asanaitanidwe ngakhale ku intavyu imodzi, ndi kudziwa mu Novembala atauzidwa kuti ndiye amene wasankhidwa. Choncho pa sivi aike bwana wake wakale, mnzake wamkulu amene anachoka kale pa bungwelo, kapena munthu wa kunja amene anaona ntchito yake, ndipo aliyense ayambe wamupempha. M'kalata yofunsira ntchito alembe momveka kuti pempho lake lisungidwe mwachinsinsi, ndipo kuti bwana wa panopa afunsidwe pokhapokha iye atavomera, kampani ikafika poti ikufuna kumulemba. Abwerezenso zimenezi pakamwa pa intavyu, chifukwa kalata imawerengedwa ndi wina pamene foni amaimba ndi wina. Olemba ntchito ozindikira amalimvetsa pempho limeneli chifukwa nawonso anadutsamo.

Nthawi youza bwana ikafika, mayiyu amuuze yekha, maso ndi maso, foni ya kampani yatsopano isanalire. Koma asalembe kalata yosiya ntchito chifukwa cha lonjezo la pa foni. Ntchito za m'mabungwe zimadalira ndalama zimene nthawi zina zimachedwa kapena kubwezedwa, ndipo mawu oti mwapambana, kalata ikubwera, salipira lendi. Adikire kalata yolembedwa, yokhala ndi malipiro ndi tsiku loyamba ntchito, aone ngati ili ndi zodikira monga umboni wa ochitira umboni aja, kenaka atsegule kontirakiti yake ya panopa awerenge ndime ya notisi. Ngati ikuti miyezi itatu pamene kampani yatsopano ikumufuna pakatha mwezi umodzi, akambirane tsiku loyamba asanasaine, chifukwa makontirakiti ambiri amati wochoka osakwaniritsa notisi abweze malipiro a nthawi yotsalayo. Akasaina, abwerere pa Open to n'kuchotsa chizindikiro chija, ndipo udindo watsopano aulembe pa tsamba lake atayamba kale ntchitoyo.